Galimoto ya K30 miliyoni, koma m'buku mwalembedwa K12 miliyoni

"Bambo, ndili ndi bekale ndipo pa 1 Okutobala ndinagula vani yoperekera buledi m'magolosale pa K30 miliyoni. Ine ndinapereka K12 miliyoni ya mu akawunti ya bizinesi, K18 miliyoni yotsalayo banki inalipira yokha kwa wogulitsa ngati ngongole ya miyezi 36. Kusintha umwini ku Road Traffic kunadya K600,000, inshuwalansi ya chaka K1,500,000. Mnyamata wondilembera mabuku walemba kuti galimoto ndi ya K12 miliyoni, zinazo waika pa zowonongedwa za mwezi umenewo. Kodi walondola?"

Mayi, mnyamatayo sanalondole, koma musamukalipire. Iye watsatira sitetimenti ya ku banki, ndipo pa sitetimentipo pakuoneka K12 miliyoni yokha ikutuluka. K18 miliyoni ija sinadutse mu akawunti yanu, inachoka ku banki kupita kwa wogulitsa, ndiye munthu amene amangokopera za pa sitetimenti sangaione. Koma mtengo wa galimoto sutengera kumene ndalama yachokera. Kaya mwagulitsa ng'ombe, kaya mwabwereka, vaniyo ndi ya K30 miliyoni, ndipo K18 miliyoniyo iyenera kuoneka mbali ina ya buku ngati ngongole imene bekale ili nayo.

Ya ku Road Traffic ija nayo ikwere pa mtengo wa galimoto. Malamulo a kalembedwe ka mabuku, IAS 16 komanso gawo 17 la IFRS for SMEs limene mabizinesi ang'onoang'ono amatsatira, amati mtengo wa katundu ngati ameneyu ndi ndalama yogulira kuphatikizapo zonse zimene mwalipira kuti afike pamalo ndi kukhala wokonzeka kugwira ntchito imene mwamugulira. Ine ndimadzifunsa mafunso awiri okha. Kodi popanda kulipira ichi galimoto ikanaloledwa kuyamba ntchito? Nanga ndidzalipiranso chaka chamawa? Bulubuku ya dzina la bizinesi yanu mumaipeza kamodzi, ndipo imagwira ntchito mpaka tsiku lodzagulitsa galimotoyo. Choncho m'buku mulembedwe motere, Dr kukhala mbali ya chimene mwapeza ndipo Cr mbali ya kumene ndalama yachokera:

```
Dr  Motor vehicles   30,600,000
    Cr  Bank             12,600,000
    Cr  Bank loan        18,000,000
```

Mbali ziwirizi zikufanana, K30,600,000 uku ndi uku. Mukanakhala kuti vaniyo munaitanitsa kunja, ndalama ya sitima, yoibweretsa kuchoka ku doko la Dar es Salaam ndi msonkho wa pa chipata umene MRA sidzakubwezerani, zonsezo zikanakwera pomwepo. Mashelefu oikapo makireti a buledi amene awotcherera kumbuyo galimoto isanayambe ntchito, nawonso ndi a pa mtengo.

Inshuwalansi ndi ina. Imatha pakapita miyezi 12 ndipo mumakagulanso, ndiye si mbali ya galimoto. Komanso siyenera kugwera mwezi wa Okutobala wokha monga wachitira mnyamata wanu. K1,500,000 mukaigawa pa miyezi 12 ndi K125,000 pa mwezi. Ngati mabuku anu mumatseka pa 31 Disembala, chaka chino chadya miyezi itatu yokha, K375,000, ndipo K1,125,000 yotsalayo ndi yolipiriratu ya chaka chamawa. COF nayo imatha n'kukonzedwanso, choncho ndi ya zowonongedwa basi. Alipo ena amakangana za COF yoyamba, amati popanda iyo galimoto sikanalowa mumsewu. Ndalama yake ndi yochepa, ine sinditaya nthawi pamenepo: chilichonse chokhala ndi deti lothera ndimachisiya kunja kwa mtengo.

Kunena zoona, K600,000 ija si imene ikundidetsa nkhawa. Ikaikidwa molakwika, phindu la chaka chino lichepa pang'ono, la zaka zikubwerazi likwera pang'ono, basi. Chimene chimasokoneza mabuku zaka zitatu zathunthu ndi ngongoleyi, chifukwa munthu amene sanailembe poyamba, akaona banki ikudula mwezi ndi mwezi, amangoika yonseyo pa zowonongedwa.

Simunandiuze chiwongoladzanja chanu, ndiye tingoyerekeza kuti ndi 30 peresenti pa chaka, powerengera pa ngongole yotsala. Pa mwezi ndi 2.5 peresenti, ndipo banki izidula pafupifupi K764,000 mwezi uliwonse. Mwezi woyamba, 2.5 peresenti ya K18 miliyoni ndi K450,000. Imeneyo ndiye yowonongedwa, malipiro a banki pokubwerekani. K314,000 yotsalayo sinawonongeke ayi, yachepetsa ngongole kufika pa K17,686,000. Mwezi wachiwiri chiwongoladzanja chitsika kufika pafupifupi K442,000, yochepetsa ngongole ikwera kufika pafupifupi K322,000, ngakhale banki yadula K764,000 yomweyo. Magawo awiriwa amasintha mwezi uliwonse, n'chifukwa chake simungawaloweze pamtima. Pitani ku banki mukapemphe ndandanda ya kabwezedwe ka ngongoleyo, pepala losonyeza miyezi yonse 36, ndipo mnyamatayo aziyang'ana pamenepo asanalembe.

Wina angafunse kuti bwanji chiwongoladzanjacho osachikweza pa mtengo wa galimoto, poti ngongoleyo ndi ya galimoto yomweyo. Zimenezo zimaloledwa pa lamulo la IAS 23 kwa katundu wotenga nthawi yaitali kuti akonzeke, monga fakitale imene ikumangidwa. Vani yanu inali yokonzeka tsiku lomwe munalandira makiyi. Ndalama imene banki inadula pokonza ngongole nayo ndi ya ngongole, osati ya galimoto.

Nanga K30,600,000 ija idzalowa liti pa zowonongedwa? Pang'onopang'ono, monga mmene galimoto ikuthera, chimene akawuntanti amati dipurishiyeshoni. Tinene kuti mukuona kuti muigwiritsa ntchito zaka zisanu kenako n'kudzaigulitsa K5,600,000. Yotsala ndi K25 miliyoni, pa zaka zisanu ndi K5 miliyoni pa chaka, ndipo pa miyezi itatu ya chaka chino ndi K1,250,000. Zaka zisanuzo musangotengera kwa ine. Vani yozungulira m'misewu yafumbi ya m'makwalala mbandakucha uliwonse simakalamba mofanana ndi yoyenda pa tala pokha, ndipo misewu yanu mukuidziwa ndinu. Dziwaninso kuti powerengera msonkho, MRA ili ndi kachotsedwe kake pa magalimoto kosiyana ndi ka m'mabuku anu, ndipo kamayambira pa mtengo wa galimotoyo. Mukalemba K12 miliyoni, ndiye kuti mukudzimana nokha.

Ndinaonapo mabuku a munthu wina wogulitsa zakumwa pa holoselo amene anachita ndendende zimene wachita mnyamata wanu. Patapita chaka ndi theka anakapempha ngongole ina. Mabuku ake ankaonetsa lole yotchipa ngati njinga yamoto, phindu lochepa chifukwa zonse zodulidwa ndi banki zinali pa zowonongedwa, ndipo ngongole panalibe. Wa ku banki anangotsegula kompyuta n'kuiona ngongoleyo, n'kuyamba kukayikira tsamba lililonse. Tinakhala masabata awiri tikukonza mwezi umodziumodzi.

Kwa inu kukonza n'kosavuta poti padutsa miyezi yochepa. Pa galimoto awonjezere K18 miliyoni n'kutsegula akawunti ya ngongole ya ndalama yomweyo. K600,000 aichotse pa zowonongedwa ipite pa galimoto, inshuwalansi aigawe monga ndanenera, ndipo zimene banki yadula kale azigawe pawiri motsatira ndandanda ija. Akamaliza, funsani ku banki kuti ngongole yatsala zingati pa tsiku lomaliza la mwezi, muyerekeze ndi ya m'buku mwanu. Kusiyana kwake kukakhala K450,000 kapena pafupi pamenepo, pali mwezi umene chiwongoladzanja chalembedwa ngati chobweza ngongole. Malisiti a ku Road Traffic, kalata yogulitsirana ndi pangano la ngongole muziike mu envulopu imodzi, chifukwa owunika mabuku akadzafunsa kumene kwachokera K30,600,000 adzafuna kuona zitatuzo pamodzi.