Ndikubwerera kwathu, kodi ndalama nditumiziretu?

"Ndakhala kunja zaka 11 ndikugwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ndasunga madola 40,000. Ndikufuna kubwerera kwathu pakatha miyezi 18. Achimwene anga akuti nditumiziretu ndalama zonse chifukwa mabanki a kumudzi akupereka chiwongola dzanja cha 20 peresenti, pomwe kuno ndikungopeza 4. Akutinso zina ayambe kundimangira nazo nyumba. Kodi ndichite bwanji?"

Mayi, musatumize zonse. Sindikukayikira achimwene anuwo, mwina akunena ndi mtima wabwino, koma 20 peresenti ndi 4 peresenti sizingayerekezedwe chonchi chifukwa ndi za ndalama ziwiri zosiyana mphamvu. Kawirikawiri banki ikamapereka chiwongola dzanja chokwera chotere ndiye kuti mitengo ya zinthu m'dzikomo ikukweranso mofulumira ndipo ndalama yake ikuchepa mphamvu.

Tiyeni tiwerengere limodzi ndi manambala ongoyerekeza. Mwatumiza madola 10,000 pamene dola imodzi ikusinthidwa ndi ndalama za kwanu 1,000. Mwalandira 10,000,000. Chaka chikatha banki yakuwonjezerani 2,000,000, koma m'maiko ambiri boma limadula msonkho pa chiwongola dzanja. Tinene kuti ladula gawo limodzi mwa magawo asanu, 400,000. M'buku mwanu muli 11,600,000 ndipo mtima uli m'malo. Tsopano ngati m'chaka chomwecho dola yafika pa 1,300, ndalama zanuzo zikungokwana madola 8,923. Mukadazisiya komwe muliko zikadakhala 10,400, msonkho wa kumeneko usanachotsedwe. Pa chitsanzo chimenechi, dola ikangodutsa pa 1,115 basi mwayamba kuluza. Ndiye musanasankhe, fufuzani kuti zaka zisanu zapitazo dola imodzi inkagula ndalama zingati za kwanu, ndipo lero ikugula zingati. Ngati mtengo wa dola wakhala ukukwera ndi zoposa 12 peresenti pachaka, chiwongola dzanja chijachi sichikukupindulitsani kanthu.

Palinso china chimene ambiri amachizindikira mochedwa. M'maiko amene ndalama zakunja zimasowa, kulowetsa madola n'kosavuta, koma kuwatulutsanso n'kovuta: pamafunika zikalata, chilolezo, ndi kudikira. Mukasintha zonse lero, kenako mwana amene mwamusiya kunja n'kufuna fizi, mudzavutika kugulanso madola omwe anali anu kale.

Chimene ine ndimalangiza n'chakuti ndalama muzigawe molingana ndi nthawi imene mudzazigwiritse ntchito.

Gawo loyamba ndi la ulendo weniweniwo: matikiti, kutumiza katundu, kulipira ngongole zotsala, ndi msonkho wa chaka chanu chomaliza. Ikani pambali madola 5,000 mu akaunti imene mungatapemo tsiku lililonse. Funsaninso ku ofesi ya kasitomu ya kwanu za malamulo a nzika zobwerera, chifukwa maiko ambiri amachotsa kapena kuchepetsa msonkho pa katundu wa munthu wobwerera, koma amafuna umboni woti katunduyo, makamaka galimoto, mwakhala naye kwa nthawi yakutiyakuti. Mukagula galimoto kutatsala sabata ziwiri, mwayiwo ungakudutseni.

Gawo lachiwiri ndilo ndimalilimbikira kwambiri, ndalama zodyera mukafika. Anthu amaganiza kuti pakatha miyezi itatu adzakhala atapeza ntchito kapena bizinesi itayamba kubweza, koma si kawirikawiri zimayenda choncho. Werengerani miyezi 18. Mukaona kuti mudzafuna madola 800 pamwezi pa lendi, chakudya, mankhwala ndi mayendedwe, ndiye kuti 14,400. Tingoti 15,000, poti abale nawonso adzabwera ndi mavuto awo ndipo simudzatha kuwakaniza onse. Ndalama zimenezi musagule nazo masheya. Pakati pa 2007 ndi 2009 mitengo ya masheya a makampani akuluakulu a ku America inatsika ndi zoposa theka, ndipo mu 2020 inatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu m'milungu isanu yokha. Inadzakweranso, inde, koma amene anafunika ndalama ya lendi mwezi umenewo anagulitsa moluza. Zisungeni mu akaunti yoika ndalama kwa nthawi yoikika, ina ya miyezi 6, ina ya miyezi 12, kuti zizimasuka motsatizana. Mukafika, muzisintha za miyezi itatu itatu, ndipo nthawi iliyonse muziyang'ana ndalama zimene zifikedi m'manja mwanu, osati mawu oti "kutumiza n'kwaulere", chifukwa phindu lawo ambiri amalibisa mu mtengo wosinthira.

Zotsala ndi madola 20,000. Zimenezi ndi za zaka zisanu kapena kuposerapo, ndipo ndi zokhazi zimene mungaganize zoika mu thumba la masheya a makampani ambirimbiri, losadula kwambiri pa chaka. Koma ngati mukudziwa kuti ndi za nyumba ndipo mudzazifuna pasanathe zaka zitatu, nazonso zingokhala ku banki.

Za nyumbazo, mtima wanga ukuti dikirani. Kumanga muli kutali kumadya ndalama ngakhale woyang'anirayo ali wokhulupirika: simenti imauma m'matumba podikira mmisiri, mitengo imasintha, ndipo inu mumangoona zithunzi zojambulidwa mbali yabwino. Komanso patha zaka 11. Dera limene mukulikumbukira mwina si limene mudzafune kukhalamo mukaona komwe kuli ntchito, sukulu ndi chipatala. Chitani lendi miyezi 6 mpaka 12. Ngati papezeka malo oti simungawasiye, pitani nokha patchuthi, mupeze loya wanu wosakhudzana ndi wogulitsa, akafufuze ku ofesi yolembetsa malo ngati mwini wake ndi yemweyo ndiponso ngati malowo sanaperekedwe chikole ku banki. Chikalata chilembedwe m'dzina lanu, osati la m'bale "pongoyembekezera". Achimwene auzeni bwinobwino kuti mukufuna mudzamange muli limodzi.

Dongosolo lonseli likudalira chinthu chimodzi, kuti akaunti yanu yakunja idzagwirebe ntchito inu mutachoka. Ine pano ndinapunthwapo. Nditabwerera, ndinakhala pakhonde ndi foni m'manja ndikudikira nambala yachinsinsi yotsimikizira kuti ndine, pomwe banki inkaitumiza ku nambala ya foni imene ndinali nditaitseketsa pa tsiku lonyamuka. Panatha milungu 7 ndisanakhudze ndalama zanga. Choncho mwezi uno womwe, lemberani banki yanu ndi kampani imene ingakusungireni masheya, muwafunse ngati amalola munthu wokhala kunja kwa dzikolo kukhala ndi akaunti, ndiponso ngati amatumiza manambala achinsinsi ku foni ya dziko lina. Ena amatseka akaunti, ena amalola kugulitsa kokha osati kugula. Yankho likhale lolembedwa. Akakana, muli ndi nthawi yosamukira kwina mudakali ndi adiresi ya kumeneko, zomwe n'zovuta kuchita mutachoka. Musawabisire zoti mwasamuka, chifukwa akadzazindikira okha angaimitse akauntiyo.

Funsaninso za penshoni: mwasonkha zaka zingati, pamafunika zingati kuti mudzalandire, ndipo kodi amalipira munthu ali kunja? Ngati pakungotsala miyezi yochepa kuti mukwanitse zaka zofunikazo, ndi bwino kusuntha tsiku la ulendo kusiyana ndi kutaya zimene mwasonkha zaka 11. Tsiku lonyamukalo limakhudzanso msonkho, poti maiko ambiri amawerenga masiku 183 pachaka pofuna kudziwa kumene munthu ayenera kukhoma, choncho muonane ndi wodziwa za msonkho musanagule tikiti.