Posita yofiira pa nsalu yobiriwira

"Ndapanga posita ya mpira wa ku Mzuzu Stadium, malemba ofiira pansi pobiriwira. Mnzanga akuti tsiku silikuwerengeka. Akunama?"

Sakunama achimwene. M'diso muli timaselo ta mitundu itatu tolandira kuwala. Tina tikasowa kapena kufooka, chofiira ndi chobiriwira zimayandikana, zonse zimaoneka ngati zakhaki. Anthu otere amabadwa nalo vutoli, ndipo ambiri ndi amuna. Mnzanuyo akhoza kutchula tomato kuti ndi wofiira chifukwa anaphunzira dzinalo ali mwana, koma pa posita palibe chomuuza kuti ichi ndi chani.

Chimene amadalira ndi kusiyana kwa kuwala ndi kudera. Sandutsani positayo ikhale yakuda ndi yoyera yokha, ngakhale pa fotokope. Tsiku likamira m'pepala, vuto ndi lomwelo. Ngati muli ndi Photoshop, pitani pa View, Proof Setup, Color Blindness, muyese Protanopia ndi Deuteranopia, mitundu iwiri ya vutoli, kuti muone positayo momwe anthu otere amaionera. Pa yoyambayo chofiira chimada kwambiri, choncho musachiikenso pa chakuda.

Ine ndikanasiya chobiriwira chodera pansi, tsiku ndi mtengo wapakhomo ndikulemba zoyera. Chofiira chipite kumphepete monga chokongoletsa. Musanasindikize, mutumizireni mnzanuyo awerenge pa foni.