Dayamita mwaitenga ngati rediyasi

"Tsinde ndi bwalo la x² + y² = 9, ndipo zidutswa zodula mopingasa mzere wa x ndi theka la bwalo. Ine ndikupeza voliyumu ya 72π, koma yankho akuti ndi 18π. Ndalakwitsa pati?"

Simunaphonye patali ayi, vuto lili pamalo amodzi basi. Imani pa x iliyonse, mudule ngati ndi mpeni. Mzere umene mpeniwo wasiya pa tsinde ukuchokera m'munsi, pa y = −√(9 − x²), kukafika kumtunda, pa y = √(9 − x²). Kutalika kwake ndi s = 2√(9 − x²). Theka la bwalo lija lakhala pa mzere wonsewu, kuchokera nsonga ina kufika ina. Ndiye kuti s ndi dayamita. Inu mwaitenga ngati rediyasi, n'chifukwa chake yankho lanu lakula kanayi ndendende.

Rediyasi ndi s/2, choncho eliya ya kachidutswa kamodzi ndi A(x) = (π/8)s² = (π/2)(9 − x²). Tsopano phatikizani tizidutswa tonse kuyambira x = −3 mpaka x = 3:

V = ∫ (π/2)(9 − x²) dx = (π/2)(36) = 18π

Chimene chimandisangalatsa pa funsoli n'chakuti mukhoza kudzitsimikizira nokha. Taonani chinthu chimene chapangikacho: ndi mpira wodula pakati, wa rediyasi 3, ndipo (2/3)π(27) ndi 18π yomweyo. Mpira wathunthu ndi 36π, ndiye 72π sikanatheka n'komwe.

Zidutswazo zikanakhala masikweya, eliya ikanangokhala s², voliyumu n'kukhala 144.