Mwana wa abwana anali nambala 438, kaundula wanga anathera pa 437

"Abale, kuofesi andipatsa makalata ofunsira ntchito oposa 400 kuti ndisankhemo anthu 12 obwera ku intavyu. Ndiyambire pati kuti ndisakondere, komanso kuti mawa ndisadzanenedwe?"

Achemwali, musatsegule envulopu ngakhale imodzi musanalembe zoyenereza papepala n'kusayinitsa abwana anu, tsiku lilembedwenso pamenepo. Ndikulemba izi mtima ukuwawabe chifukwa ine ntchito inandithera pa nkhani yomweyi.

Ndinali kalaliki pa bungwe lina la zaulimi. Tinkafuna alangizi atatu oyendera makalabu a alimi, ndipo makalata anabwera 437, makatoni anayi odzadza. Lililonse likafika ndinkalilemba m'kaundula: nambala, dzina, tsiku lofika. Nambala ija ndinkailembanso pakona pa sivi, kuti opereka malikisi aziona nambala, tsamba la dzina, chithunzi ndi kwawo kwa munthu litapindidwira kumbuyo. Dzina lokha limakuuzani mtundu wa munthu ndi chipembedzo chake, ndipo mtima umapendekeka inu osadziwa.

Choyamba chinali kusefa. Apa palibe malikisi, ndi eya kapena ayi basi, ndipo mafunso ake ndi okhawo amene analembedwa pa chilengezo cha ntchito. Ife anali anayi: kalata yafika tsiku lotsekera lisanadutse? Dipuloma ya zaulimi ilipo, kope lake laikidwa? Wagwirapo ntchito yotere zaka ziwiri? Layisensi ya njinga yamoto ali nayo? Wogwa pa limodzi amapita mulu wina, koma mumalemba m'kaundula chimene wagwera. Tinatsala ndi 96. Pa ogwawo, 141 anagwera layisensi yokha, ndipo nambala imeneyi muikumbukire.

A 96 aja ndiye tinawapatsa malikisi, pa 20. Zaka za ntchito zinatenga 8: wa zaka ziwiri kapena zitatu 4, wa zinayi kapena zisanu 6, wopitirira pamenepo 8. Kugwira ntchito ndi magulu a alimi 6, koma malikisi onse asanu ndi limodzi ankapita kwa amene watchula chenicheni, monga makalabu angati, mbewu yanji, boma liti. Wongolemba kuti "ndimagwira bwino ntchito ndi anthu" ankapeza 1. Kulemba malipoti 4. Kulankhula Chiyao 2, popeza alimi ake ambiri ankalankhula chimenecho, ndipo tinkayang'ana kudziwa chilankhulo, osati mtundu wa munthu. Tinali awiri, ine ndi mkulu wa alangizi, aliyense m'chipinda chake osaonetsana. Tikasiyana ndi malikisi oposa 3 pa munthu mmodzi tinkakhala pansi n'kuwerenganso sivi limodzi. Pa Excel, malikisi anga ali mu C a mnzanga mu D, izi zimaonetsa kusiyanako msanga:

```
=ABS(C2-D2)
```

Ndipo musawerenge oposa 30 pa tsiku. Ine ndinadziona ndekha kuti cham'ma 4 koloko madzulo ndinkaumira malikisi kuposa m'mawa.

Zonse zinayenda bwino mpaka Lachisanu lija. Mndandanda wa anthu 12 ndinali nditautayipa kale, womaliza anali mayi wina wa malikisi 15, zaka zisanu akuyendera alimi a mpunga. Cham'ma 3 koloko abwana analowa, n'kutseka chitseko, n'kuika envulopu ya khaki pa desiki panga. Anati, "Mwana uyu ndi wathu, mumuonere." Ndinatsegula pomwepo. Dipuloma inalipo, koma layisensi panalibe, ntchito anagwirapo miyezi isanu ndi itatu yokha, ndipo tsiku lotsekera linali litadutsa ndi masiku asanu ndi anayi. Ndinawauza mwaulemu kuti bwana, uyu sakudutsa ngakhale pa sefa. Anaseka, anati layisensi si nkhani, njinga munthu amaphunzira sabata imodzi. Ndinayankha kuti ngati layisensi tikuichotsa, ndiye tibwezenso anthu 141 amene tawataya chifukwa cha layisensi yomweyo, tiwapatse malikisi onse. Nkhope inasintha. Anandifunsa kuti kontirakiti yanga ikutha liti, chonsecho ankadziwa kuti yatsala miyezi iwiri. Mwana wanga anali fomu 3 pa sukulu yogonera konko, fizi ndinali ndisanamalize. Manja akunjenjemera ndinafufuta mayi uja, ndinaikapo mnyamatayo, ndinasayina pansi. Usiku umenewo nsima sinalowe. Mnyamatayo ntchito anaipezadi.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri kunabwera ofufuza otumidwa ndi amene ankatipatsa thandizo. Sanachedwe n'komwe. Anatenga kaundula, anaona kuti wathera pa 437, anafunsa nambala ya mnyamata uja. Analibe. Anafunsa pepala la malikisi ake, panalibe. Anafunsa kuti mayi wa malikisi 15 anasowa bwanji pa mndandanda. Abwana aja, munthu wamkulu, wotsogolera mapemphero a m'mawa paofesi, anandiyang'ana m'maso pamaso pa anthu n'kunena kuti iwo anangolandira mndandanda kuchokera kwa kalaliki. Siginecha inali yanga yokha. Mpaka lero ndikawaona akudutsa pa galimoto m'tauni mtima umachita kuthamanga. Anadya ndi iwo, wopukuta pakamwa ndinakhala ine, ndipo iwo akadali pampando womwewo. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mayi uja, sanadziwe n'komwe kuti anali atadutsa.

Ndiye inu, wina akabwera ndi envulopu yake, musakangane naye, abwana sumalimbana nawo ukawina. Ingonenani kuti chabwino, koma andilembere pa imelo kapena asayine pambali pa dzinalo kuti alowetsa ndi iwo. Ambiri amabwerera pomwepo. Mndandanda womaliza usayinidwe ndi anthu atatu, osati inu nokha, ndipo aliyense wa mu komiti alembe ngati ali ndi m'bale kapena mnzake pa ofunsirawo, atuluke pokambirana za ameneyo. Mapepala onse sungani, kaundula, malikisi, ngakhale makalata a ogwa, ngakhale kuti ine anandipachika ndi mapepala anga omwe. Mukafuna poimira, lamulo la zantchito la 2000 limaletsa kusankha anthu potengera mtundu, chipembedzo, ulumali kapena kuti ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo ngati ndi ntchito ya boma, lamulo la 2013 loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi limati mbali imodzi isachepere 40 pa 100 alionse olembedwa, ngakhale lili ndi zopatula zake.

Gwirizananinso lero lomwe chochita anthu akafanana malikisi pa malire. Ngati atatu ali ndi 15 pa malo a nambala 12, aitaneni onse, intavyu ya anthu 14 siipha munthu.

Komabe mulu wa ogwa uja muubwererenso kamodzi musanatseke. Ine ndinapezamo awiri amene layisensi anali nayo, kope lake linangomatirira kuseri kwa satifiketi ya MSCE, ndi wina amene anaika kalata ya ku koleji yotsimikiza kuti anakhoza chifukwa dipuloma yeniyeniyo inali isanatuluke. Ameneyo ndinamubwezera pa mulu wa odutsa ngakhale chilengezo chinkati kope la dipuloma, ndipo ndinalemba chifukwa chake m'kaundula, mnzanga n'kusayina pambali.