Akuti ntchito ilipo ku Salima, koma ndiyambe ndatumiza K45,000

"Achimwene, ndine mtsikana wa kuno ku Nkhotakota, ndinaphunzira zowerengera ndalama. Mayi wina anandipempha ubwenzi pa LinkedIn, ndinavomera poona kuti anzanga asanu ndi mmodzi amadziwana naye. Akuti bungwe lawo likutsegula ofesi ku Salima. Ndatumiza kale CV ndi chithunzi cha chiphaso cha unzika. Pano akufuna K45,000 yopimitsira kuchipatala pa Airtel Money, komanso manambala a anzanga atatu ofuna ntchito. Nditumize?"

Achemwali, musatumize, ndalama ngakhale manambalawo. Olemba ntchito enieni salipiritsa munthu kuti amulembe. Kupimitsa kuchipatala kukafunika, kumabwera kalata ya ntchito itatuluka kale, ndipo ngati nkulipira, mumalipira kuchipatalako nkulandira lisiti, osati pa nambala ya foni ya munthu amene simunamuonepo nkhope.

Koma chimene chandikhudza kwambiri m'kalata yanu ndi anzanu asanu ndi mmodzi aja. Aimbireni awiri okha lero, muwafunse kuti mayiyo anakumana naye kuti. Sindidzadabwa akakuyankhani kuti sakumudziwa, anangovomera poona kuti ena anavomera kale. Akuba a mtundu uwu amayamba apempha ubwenzi kwa anthu ambirimbiri a sukulu imodzi kapena a boma limodzi. Awiri oyamba akangovomera, wachitatu amaona mayina odziwika pansi pa chithunzi, mtima nkukhala m'malo. Tsopano inunso mwalowa mumndandandawo. Mnzanu wa ku Dwangwa akalandira pempho mawa, aona dzina lanu, nkunena kuti ngati uje amamudziwa ndiye kuti ndi munthu wabwinobwino. Manambala atatu aja ntchito yake ndi yomweyo: uthenga udzayamba ndi mawu akuti "nambala yanu ndapatsidwa ndi mnzanu uje". Ndalama zawo zikadzapita, wakubayo adzakhala atazimitsa foni, koma inu mudzakumana nawo kumsika ndi kutchalitchi.

Mukhoza kudzitsimikizira nokha musanachite china chilichonse. Tsegulani tsamba la mayiyo, dinani More kapena timadontho titatu tija, musankhe About this profile. Pamatuluka mwezi ndi chaka chimene akauntiyo inatsegulidwa. Munthu wonena kuti wakhala akulemba anthu ntchito zaka khumi, koma akaunti yake ndi ya miyezi iwiri, yopanda chilichonse chimene analembapo, ameneyo ngokayikitsa. Dziwani komabe kuti akaunti yakale si umboni wokwanira, chifukwa akuba amalandanso maakaunti a anthu enieni nkumalankhula ngati eni ake.

Kenaka onani imelo imene akukulemberani, makamaka mbali ya kumanja kwa @. Bungwe lokhala ndi webusaiti yake limalemba kuchokera ku dzina la webusaitiyo, osati gmail.com. Werengani chilembo chimodzichimodzi, poti ena amagula dzina lofanana nalo, nkungosintha m kukhala rn, zimene pa foni yaing'ono diso silizigwira msanga.

Njira imene ine ndimaikhulupirira kuposa zonsezi ndi yachikale. Pezani nokha nambala ya bungwelo, musagwiritse imene wakupatsani iye kapena linki ya mu uthenga wake. Imbani, mufunse ngati dzina la mayiyo akulidziwa, komanso ngati ntchitoyo inalengezedwa. Ndipo Salima si kutali. Bungwe lobwera kudzagwira ntchito m'boma limadziwika ku khonsolo, ndiye mnzanu wokhala kumeneko akhoza kukafunsa kuofesi ya DC kapena ya zantchito. Ofesi yotsegulidwa popanda aliyense pabomapo kumva, ine sindinaionepo.

Za chiphaso chanu, chapita chapita, koma musakhale chete. Ndi chithunzi chimenecho pamodzi ndi CV, munthu angathe kudzitcha inu pobera ena. Choncho jambulani mauthenga onse, tsamba lake ndi nambala imene akufuna ndalama ija musanamutsekere, chifukwa akauntiyo ikhoza kusowa usiku umodzi. Pitani nazo kupolisi ya Nkhotakota kuti zilembedwe, tsiku lidziwike, ndipo nambalayo mukainenenso ku Airtel. Mayiyo akakupemphani kuti mulandire ndalama pa foni yanu nkuzitumiza kwina, ati ndi kuyesa luso lanu la zowerengera, kanani. Zimakhala ndalama zobedwa kwa ena, ndipo apolisi akamalondola amafikira pa nambala yolembetsedwa m'dzina lanu.

Mukatero bwererani pa More, musankhe Report / Block. Pa Settings & Privacy, pansi pa Visibility, tsekani zoti anthu aziona mndandanda wa anzanu onse, ngakhale anzanu amene mukugawana ndi munthu amaonekabe. Ndiye anzanu asanu ndi mmodzi aja alembereni lero lomwe, aliyense payekha. Muwauze kuti mayiyo simukumudziwa, anakupemphani ndalama, ndipo aliyense wobwera m'dzina lanu ndi nkhani ya ntchito ya ku Salima sanatumidwe ndi inu.