Mwana wayamba kukana kugona masana, ndimusiye kapena ndilimbikire?

"Anti moni. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi inayi. Kale amagona cha m'ma 11 m'mawa mpaka 1 koloko, koma masabata awiri awa ndikamugoneka amalira n'kuthawira panja. Usiku amagona 8:30 n'kudzuka 6 koloko. Ikamakwana 5 madzulo ndiye kulira kosatha, dzana anagonera pambale ya mpunga. Ndilinso ndi khanda la miyezi iwiri. Apongozi akuti wakula ndimusiye. Nditani ine?"

Amake mwana, apongozi anu ndimawalemekeza koma pa ichi chokha ndisiyana nawo, mwanayo sanafike posiya tulo ta masana. Ndipo sindikuweruza poona zimene akuchita pa nthawi yomugoneka ayi, chifukwa mwana wa zaka ziwiri amakana chilichonse, kusamba, kuvala nsapato, ngakhale phala lomwe amalikonda. Ine ndimayang'ana madzulo. Mwana yemwe wakuladi moti sakufunikanso kugona masana amafika nthawi ya chakudya chamadzulo ali bwinobwino, wotopa inde koma akusewera, akudya, akumva zomwe mukunena. Uyu wogonera pambale thupi lake likufuna tulo, ndi mutu wokha womwe ukukana.

Tiyeni tiwerengetsere limodzi. Kuyambira 8:30 usiku mpaka 6 m'mawa ndi maola 9 ndi theka. Malangizo a 2019 a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati mwana wa chaka chimodzi mpaka ziwiri azigona maola 11 mpaka 14 pa tsiku lonse, kuphatikiza usiku ndi masana, ndipo wa zaka 3 mpaka 4 maola 10 mpaka 13. Ndiye mmene amagona maola awiri masana aja amakwanitsa 11 ndi theka, zinali bwino, koma pano akuperewera ola ndi theka tsiku lililonse kuti afike pa maola 11 aja, ndipo ngongole ya tulo imeneyo ndi yomwe akukulipiritsani 5 koloko ija. Ana ambiri amasiya kugona masana pakati pa zaka 3 ndi 5, alipo ndithu osiya msanga koma pa zaka ziwiri ndi miyezi inayi si ambiri.

Nanga akukaniranji? Ndikuona zinthu ziwiri. Choyamba ndi khanda lija, iye akuona kuti akangotseka maso amayi atsala ndi mlendoyo pamiyendo, ndiye agoneranji. Ana ambiri amachita zimenezi pakabwera mng'ono wawo, kapena akayamba kupita ku nazale, kapena mano a m'mbuyo omaliza akamamera, omwe amatuluka cha m'zaka zomwezi. Izi zimatha zokha pakapita masabata angapo bola inu musasinthe dongosolo.

Chachiwiri ndi chomwe anthu ambiri sachiganizira, nthawi yomugonekayo. Mwana wodzuka 6 koloko, pofika 11 wakhala ali maso maola asanu okha. Ali ndi chaka ndi theka zimenezo zimakwana, koma akamakula amatha kupirira nthawi yotalikirapo asanamve tulo, ndiye mwina 11 koloko yayamba kumuchepera, mukumugoneka tulo tisanabwere, iye n'kulimbana nanu, kenako pamene tulo timabwera cha m'ma 1 inu mwataya kale mtima mwamutulutsa panja. Yesani kusuntha. Adye kaye nsima cha m'ma 12, mumupukute kapena kumusambitsa ngati kwatentha, 12:30 alowe m'chipinda. Ngati n'kotheka khanda likhale litayamwa kale lagona kapena lili kwa agogo ake kwa mphindi khumi zokha, kuti iyeyo akhale nanu yekha, kanyimbo kamodzi komweko tsiku lililonse, makatani otseka. Ndipo m'miyezi yotentha ngati Okutobala chipinda cha malata masana simugoneka munthu, bola mphasa pakhonde kapena pamthunzi. Ngati amagona mukamubereka kumbuyo, mberekeni, palibe cholakwa, panopa chofunika n'choti tulo tibwerere kaye.

Akagona musamusiye mpaka madzulo chifukwa choti mwapeza mpumulo (ndikudziwa zimakoma, makamaka muli ndi khanda). Adzuke isanakwane 3 koloko, apo ayi usiku adzakuvutani mpaka 10. Tsiku lomwe wakaniratu osagona, musamulole agone 5 koloko, m'malo mwake mumpatse chakudya msanga n'kumugoneka cha m'ma 7 osati 8:30. Ambiri amaopa kuti akagona msanga adzuka pakati pa usiku, koma kawirikawiri mwana wotopa mopitirira ndi amene amadzukadzuka.

Chitani zimenezi masabata awiri osadumphitsa, kenako muone. Akagona masiku ambiri, nkhani yatha, kunali kukana chabe. Koma mudzadziwa kuti nthawi yosiya yafikadi, kaya ndi chaka chamawa kaya liti, mukadzaona kuti mwamugoneka pa nthawi yoyenera iye n'kungokhala phee akuyimba kapena kulankhula yekha ola lathunthu osalira, madzulo n'kukhalabe wosangalala, zikuchitika choncho masabata angapo motsatizana. Chizindikiro china ndi choti masana akugona bwino koma usiku tulo sitikubwera mpaka mochedwa kwambiri, pamenepo yambani ndi kufupikitsa, ola limodzi, kenako mphindi 45, musanachotseretu. Komanso sizitha tsiku limodzi, pamakhala miyezi yomwe lero wagona mawa ayi, kapena kugonera mu minibasi pochokera kutchalitchi, zimenezo n'zabwinobwino.

Tsopano za nthawi yopuma mwakachetechete, yomwe ndikufuna muyambe pano pomwe ngakhale sanasiye kugona. Mfundo yake ndi yoti simungakakamize mwana kugona koma mungathe kunena kuti ino ndi nthawi yokhala pamphasa. Ndiye mawu oti "gona" muwasiye, muzimuuza kuti "sukuyenera kugona, koma tipuma pano mpaka alamu ilire". Chodabwitsa n'choti ana ambiri akangomva kuti sakukakamizidwa amagona okha pakapita mphindi zochepa. Malo akhale omwewo, nthawi yomweyo. Mumusungire kakatoni ka zinthu zomwe zimatuluka pa nthawi yokhayi basi, kabuku ka zithunzi, kachidole, makapu apulasitiki olowetsana, koma osati zitsekero za mabotolo, mikanda, ndalama zachitsulo kapena nyemba, msinkhu uwu zonse zimathera m'kamwa ndi m'mphuno. Foni ndi makatuni ayi, zimamukhazika chete inde koma tulo timathawa, ndiye mwaluza zonse.

Yambani ndi mphindi 10 kapena 15 inu muli pompo mukuyamwitsa kapena mwagona pambali pake osacheza naye, kenako muziwonjezera pang'onopang'ono mpaka mphindi 45 kapena ola. Adzatuluka, kangapo konse, mumubweze mosakalipa ndi mawu omwewo, ndipo musamukhomere chitseko kapena kusandutsa nthawiyi chilango choti "ukapanga mwano ukagona". Alamu ikalira mutulutseni ngakhale sanagone, kuti adziwe kuti mawu anu ndi oona. Apongozi ndi aliyense wotsala naye masana auzeni dongosolo lomweli, chifukwa wina akamamutulutsa akangolira, mawa adzalira kwambiri.

Chomaliza, ngati usiku amaliza mkonono kwambiri, kupuma ndi pakamwa kapena kuoneka ngati mpweya ukuima, kapena akugwiragwira khutu n'kulira mukamugoneka, pitani naye kuchipatala akamuone. Ndipo mwana akangoyamba kugona kwambiri mosiyana ndi masiku onse, wofooka, thupi latentha, musati tulo tabwerera, kayezetseni malungo tsiku lomwelo.