Kusandutsa ntchito yolandira madandaulo kukhala zotsatira zowerengeka

"Ndinagwira ntchito zaka 3 mu ofesi yolandira madandaulo a makasitomala. Anzanga akuti pa kalata ya mbiri yanga ya ntchito ndilembe zimene ndinakwanitsa, ndi manambala omwe, koma ine sindinkagulitsa chilichonse. Manambalawo ndiwatenga kuti?"

Manambala anu ali m'kaundula amene munkalembamo madandaulo ndiponso m'malipoti apamwezi amene munkapereka kwa bwana wanu. Chiganizo chakuti "ndinkayankha madandaulo a makasitomala" chimangofotokoza udindo, ndipo aliyense amene anakhalapo pampando umenewo, wakhama kapena waulesi, akhoza kuchilemba chimodzimodzi. Chimene olemba ntchito amafuna kudziwa ndi mmene zinthu zinalili musanazigwire, mmene munazisiyira, komanso chimene inuyo munachita kuti zisinthe.

Tiyerekeze kuti munkalandira madandaulo pafupifupi 40 pa mlungu, ndipo mutangofika dandaulo limodzi linkatenga masiku 5 kuti liyankhidwe chifukwa onse ankaunjikidwa pamodzi. Kenako munayamba kuwasanja m'mawa uliwonse ndi kutumiza lililonse kwa woyenera tsiku lomwelo, mpaka nthawiyo inatsika kufika masiku 2. Mukhoza kulemba kuti: "Ndinachepetsa nthawi yoyankhira madandaulo kuchoka pa masiku 5 kufika pa masiku 2 m'miyezi 6, posanja tsiku lililonse madandaulo pafupifupi 40 amene ankabwera pa mlungu." Onani kuti zotsatira zatsogola ndipo njira yabwera pambuyo, pakuti wowerenga wofulumira amangoona mawu oyambirira.

Mukafuna kulemba peresenti, samalani masamu. Kusiyana kwa 5 ndi 2 ndi 3, ndipo 3 ameneyo mumugawe ndi nambala yoyamba, 5, zomwe zikupereka 60 peresenti. Ena amagawa ndi nambala yatsopano n'kupeza 150 peresenti, koma nthawi singatsike kuposa 100 peresenti, choncho wodziwa masamu amangoona kuti palakwika. Ine ndimakonda kulemba masiku enieniwo, chifukwa peresenti yopanda poyambira imabisa zambiri: dandaulo limodzi likakhala awiri, kumenekonso ndi kukwera ndi 100 peresenti.

Ngati kaundulayo simungamupezenso, werengerani kuchokera pa zimene mukukumbukira bwino. Madandaulo 8 pa tsiku kwa masiku 5 ndi 40 pa mlungu, ndipo muikepo mawu akuti "pafupifupi". Mukapanda kudziwa mmene zinalili poyamba, musapeke kusintha. Kukula kwa ntchitoyo pakokha n'kokwanira kulemba. Ngati munali anthu 4 pa ntchitoyo, nenani zimenezo ndipo mutchule mbali yanu, chifukwa pa intavyu adzakufunsani mmene munapezera nambala iliyonse, ndipo mwina adzaimbira foni bwana wanu wakale kuti atsimikize.